Nthabwala ndi nkhani ya moyo wanu mu imelo yopita kwa munthu amene sakukudziwani

Mayi wina amene amaweta njuchi pamodzi ndi anzake ku Mzimba anandipempha kuti ndiwerenge imelo imene ankafuna kutumiza kwa mkulu woyang'anira zogula pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Awiriwa anali asanaonanepo, ndipo adiresi anaitenga pa kapepala kotsatsa malonda a lojiyo. Imeloyo inayamba ndi ndime ziwiri zofotokoza imfa ya amuna awo ndi mavuto a fizi ya ana, kenako panabwera chiganizo chakuti uchi wawo ndi wotsekemera ngati mmene wolandira kalatayo alili, ndipo pempho lenileni, loti lojiyo ilawe uchiwo, linali pansi penipeni. Zonse zimene analemba zokhudza moyo wawo zinali zoona, ndipo nthabwalayo anaiika ndi mtima wabwino, koma ndinawalangiza kuti asatumize. Malangizo otsatirawa ndi njira imene tinatsata pokonza kalatayo, ndipo ingathandize aliyense amene akulembera mlendo kufuna msika, ntchito kapena mphunzitsi womutsogolera pa maphunziro.

Choyamba, zindikirani kuti ndinu mlendo amene waima pakhomo

Kwathu kuno nthabwala zili ndi eni ake. Munthu amachita chipongwe ndi msuweni wake, agogo amaseleula mdzukulu wawo, ndipo pa maliro adzukulu amanena mawu amene wina aliyense atawanena angayambitse mlandu. Ku Zambia Angoni ndi Abemba amanyozana poyera popanda wokwiya chifukwa cha ubale wakale umene uli pakati pawo. Pa zitsanzo zonsezi chimene chimalola nthabwala ndi ubale umene unalipo kale nthabwalayo isananenedwe. Mu imelo yoyamba ubalewo palibe, choncho chilolezo cha chipongwe palibenso.

Chimene mlendo amaloledwa ndi malonje. Akapatsidwa mpando amafotokoza kumene wachokera, mmene wayendera ndi chimene chamuyendetsa, ndipo eni mudzi amamvetsera chifukwa amadziwa kuti nkhaniyo ikupita pa cholinga cha ulendo. Nkhani ya moyo wanu mu imelo iyenera kugwira ntchito imeneyi basi. N'chifukwa chake ndimaona kuti nkhani yaifupi ndi yosaopsa poiyerekeza ndi nthabwala, ndipo mukakayika kuti musankhe chiti, sankhani nkhani.

Palinso vuto lina limene pakamwa silikhala. Mukamalankhula, nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimauza womvera kuti mukuseka, pamene pa imelo amangoona zilembo. Mu 2005 akatswiri a za maganizo a anthu, Justin Kruger ndi Nicholas Epley pamodzi ndi anzawo, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti olemba imelo amadzikhulupirira mopitirira muyezo kuti owerenga azindikira pamene akunena mawu okuluwika moseka, pomwe owerengawo ankaphonya kawirikawiri. Chifukwa chake n'chakuti wolemba amamva mawu ake m'mutu mwake akamalemba, ndipo amaiwala kuti wowerenga sakuwamva.

Chachiwiri, lembani kalata yonse popanda nkhani kapena nthabwala

Musanaganize zokometsera, lembani ziganizo zinayi zoyankha mafunso awa: ndinu yani, n'chifukwa chiyani mwasankha munthu ameneyu, muli ndi chiyani chomuthandiza, ndipo mukumupempha kuti achite chiyani. Mayi aja analemba kuti ndi mlembi wa gulu la alimi a njuchi limene lili ndi ming'oma 40, kuti akulembera lojiyo chifukwa imapereka kadzutsa kwa alendo, kuti angathe kupereka mabotolo 60 a magalamu 500 mwezi uliwonse, ndiponso kuti akupempha chilolezo chotumiza mabotolo awiri olawitsa. Kalata imeneyi inali yokwanira kale. Ikanatumizidwa ili choncho sikanakhumudwitsa munthu.

Mukayamba motere mumakhala ndi muyezo woyesera china chilichonse chimene mungawonjezere. Imelo yonse isapitirire mawu pafupifupi 150, chifukwa ambiri amaiwerenga pa foni ali pakati pa ntchito ina. Kumbukiraninso kuti pa Gmail ndi mapulogalamu ena wolandira amaona dzina lanu, mutu umene mwalemba pa Subject ndi mawu ochepa oyambirira asanatsegule. Ngati mawu ochepawo ndi nthabwala kapena chiyambi cha nkhani yachisoni, ndiye kuti munthuyo asankha kutsegula kapena kufufuta asanadziwe n'komwe kuti mukugulitsa uchi. Pa Subject lembani za ntchito zokhazokha, monga "Uchi wa ku Mzimba wa kadzutsa: pempho lotumiza wolawitsa".

Chachitatu, sankhani nkhani imene ikukhudza wowerenga

Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa mayiwo sanafune kuchotsa nkhani ya umasiye wawo, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake. Imfa ya amuna awo ndi imene inawalowetsa mu ulimi wa njuchi, choncho kwa iwo nkhani ya uchi ndi nkhani ya maliro zinali chinthu chimodzi. Koma ndinawapempha kuti aganizire munthu amene akuwerenga. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti m'khitchini muli katundu wabwino pa nthawi yake, ndipo nkhani ya mavuto imamuika pa mpanipani: akakana aoneka wouma mtima, akavomera agula chifukwa cha chisoni chinthu chimene sanachilawe. Anthu ambiri akaikidwa pa mpanipani wotere amangokhala chete osayankha. Nkhani ya mavuto imadzutsanso funso limene wolemba sanafune, lakuti kodi munthu wopanikizika chonchi adzakwanitsa kupereka katundu mwezi uliwonse.

Pali chinthu chinanso chimene mayiwo sankachidziwa. Aliyense amene wakhala ndi imelo kwa zaka zingapo analandirapo makalata a akathyali amene amayamba ndi mayi wamasiye, matenda aakulu kapena chuma cha malemu, n'kumaliza ndi kupempha ndalama. Nkhani yoona ikayamba mofanana ndi makalata amenewa, wowerenga amaiika m'gulu lomwelo asanafike pa ndime yachiwiri.

Ndinawafunsa chimene chinawachititsa kuganizira loji imeneyi osati ina. Anandiuza kuti miyezi ingapo m'mbuyomo anapita ku msonkhano wa magulu a alimi umene unachitikira pomwepo, ndipo pa kadzutsa anapatsidwa uchi wa m'timapaketi wochokera kunja, pamene iwo anasiya zidebe zodzaza kunyumba zikusowa msika. Imeneyi ndiyo inali nkhani yoyenera. Inali yoona, inachitikira pa malo a wowerengayo, inasonyeza kuti wolemba anaona ndi maso ake chimene lojiyo imagwiritsa ntchito, ndipo inkatsogolera yokha ku pempho.

Nkhani yotere ikwane m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ikhale ya chinthu chimodzi chimene chinachitika pa nthawi imodzi, osati mbiri ya moyo wonse. Ndipo ikhale yoona m'mbali zake zonse, chifukwa mukanena kuti munagona pa loji pamene simunagonepo, kapena kuti munawerenga zimene mphunzitsi analemba pamene munangoona mutu wake, funso limodzi la wolandirayo lidzakuululani, ndipo pambuyo pake sadzakhulupiriranso ngakhale za kuchuluka kwa ming'oma yanu. Samalaninso kuti nkhaniyo isasonyeze kuti mwafufuza kwambiri za moyo wa munthuyo. Kutchula zimene analankhula pa wailesi kapena pa msonkhano n'koyenera, koma kutchula ana ake, tchalitchi chake kapena chithunzi cha ukwati wake chimene munachipeza pa intaneti kumamuchititsa mantha.

Chachinayi, ngati mukufunabe nthabwala, yang'anani amene ikumugwera

Nthabwala iliyonse imagwera winawake. Ya mayi aja inkagwera wolandira kalata, ndipo tinazindikira kuti woyang'anira zogulayo analinso mayi. Mawu oti ndinu wotsekemera ngati uchi, akachokera kwa mlendo, amamveka ngati kufunsira kapena kupeputsa udindo wa munthu, ndipo wolembayo akanakhala bambo zikanaipa koposa. Choncho lamulo loyamba ndi lakuti nthabwala isagwere wowerenga: thupi lake, dzina lake, mtundu wake, msinkhu wake ngakhalenso ntchito yake. Chiganizo choseka uchi wa m'timapaketi chikanakhala chonyoza munthu amene anaugula, yemwe ndi amene tinkamulembera.

Isagwerenso zinthu zimene simukudziwa kuti munthuyo ali mbali iti. Ku Mangochi kuli Asilamu ambiri, ndipo nthabwala yokhudza zakudya zina, mowa kapena mwezi wosala ingathe kutseka khomo nthawi yomweyo. Ndale n'chimodzimodzi. Ngakhale mpira, umene umaoneka ngati nkhani yopepuka, ndi wa anthu odziwana: kuseka wotsatira Wanderers pamene inu ndinu wa Bullets kumakoma pa bawo, koma kwa mlendo simukudziwa n'komwe ngati amautsata. Mavuto a dziko nawonso ndi oterera. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 anthu ankaseka pa mafoni podzitonthoza, koma woyang'anira zogula amene bajeti yake inasokonekera tsiku lomwelo sakanaona choseketsa mu kalata ya mlendo. Ndipo amene akanalemba moseka za mvula kwa munthu wa ku Blantyre, Mulanje kapena Phalombe m'masabata otsatira namondwe wa Freddy mu March 2023 akanatha kugwera munthu amene wangoika m'bale wake m'manda.

Ena amalangiza kuti muzidziseka nokha popeza palibe amene angakwiye. N'zoona kuti palibe wokwiya, koma pa kalata yoyamba wowerenga alibe umboni wina wa luso lanu, choncho amakhulupirira zimene mwanena. Wofuna ntchito ya zowerengera ndalama akalemba moseka kuti masamu ankamuvuta ku sukulu wapereka yekha chifukwa chomukanira.

Chotsala ndi nthabwala yofatsa yogwera chinthu chimene sichingakhumudwe ndipo chili mkati mwa nkhani. Kwa mayi aja chinthucho chinali njuchi. Tinagwirizana pa chiganizo chimodzi, ndipo tinachiika pambuyo pa mfundo za ntchito, osati poyambira. Imelo inatuluka motere:

"Mayi, ndikupereka moni. Ndine mlembi wa gulu la alimi a njuchi ku Mzimba. Miyezi ingapo yapitayo ndinali nawo pa msonkhano wa alimi umene unachitikira pa loji yanu, ndipo pa kadzutsa ndinaona kuti alendo amakonda uchi. Ndinabwerera kwathu ndikuganiza kuti mwina angakondenso kulawa wa m'nkhalango za kuno kwathu. Gulu lathu lili ndi ming'oma 40 ndipo tingathe kupereka mabotolo 60 a magalamu 500 mwezi uliwonse. Njuchi zathu sizidziwa kalendala, koma ife timasunga uchi wokwanira kuti tsiku lopereka lisaphonyeke. Kodi mungandilole kutumiza mabotolo awiri kuti a kukhitchini alawe? Palibe chimene mungalipire pa mabotolo amenewa."

Taonani kuti chiganizo cha njuchi chikugwira ntchito ngakhale wowerenga asamwetulire, chifukwa chikuyankha nkhawa yeniyeni ya wogula, yakuti uchi umakololedwa pa nyengo pomwe alendo amadya tsiku lililonse. Taonaninso kuti timapaketi tija sitinatchulidwe. Tinatichotsa dala kuti nkhaniyo isamveke ngati kudzudzula.

Chachisanu, yesani kalatayo musanaitumize

Njira yoyamba ndi kuiwerenga mokweza ndi mawu ouma, ngati mmene amawerengera zidziwitso za maliro pa wailesi, osasintha mawu pamalo a nthabwala. Ngati chiganizo chikumveka chachipongwe kapena chachilendo mukachiwerenga motero, ndi mmenenso chidzamvekere kwa munthu wotopa amene sakukudziwani. Yachiwiri ndi kuchotsa chiganizocho n'kuona ngati kalata yataya mfundo ina. Ngati sinataye kanthu, chisiyeni chichoke. Yachitatu ndi kuganiza kuti wolandira wadina Forward n'kutumiza kwa bwana wake kapena kwa mwini loji. Zimenezi zimachitikadi, popeza amene mwamulembera kawirikawiri si amene amavomereza zogula, ndipo nthabwala imene angachite nayo manyazi poitumiza kwa bwana imamuchititsa kuti asatumize kalata yonse.

Mukatero mupatseni munthu amene sakudziwa nkhaniyo kuti awerenge chamumtima, inu musamufotokozere kanthu, kenako mumufunse chimene kalatayo ikupempha ndiponso mmene akumuonera wolembayo. Mnzanu wapamtima sathandiza kwenikweni pa ntchito iyi, chifukwa naye amamva mawu anu m'mutu mwake.

Makalata ambiri a malonda kuno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo nthabwala imene mwaiganiza m'Chichewa siwoloka bwino. Mwambi umene kwa ife ndi wofatsa ukamasuliridwa liwu ndi liwu ungamveke ngati kulalikira kapena kuopseza. Ngati mukulemba m'chinenero chimene simusekamo tsiku ndi tsiku, kapena kwa munthu wa dziko lina, siyani nthabwala ndipo mutsale ndi nkhani yokha. Chimodzimodzinso mukamalembera ofesi ya boma, banki, chipatala kapena komiti yopereka thandizo la maphunziro, kumene kalata imaikidwa mu faelo n'kuwerengedwa ndi anthu angapo.

Pa Gmail pali thandizo laling'ono: mu Settings muli Undo Send, imene mungaiike pa masekondi 30 kuti mubweze imelo mukazindikira cholakwa mutangotumiza. Chabwino koposa ndi kuigoneka usiku umodzi n'kuiwerenganso m'mawa, kapena kugwiritsa ntchito Schedule send kuti ifike pa nthawi ya ntchito. Nthabwala yofika pa foni ya munthu pakati pa usiku imamveka mosiyana ndi yomweyo ikafika 9 koloko m'mawa. Ndipo musatumize nkhani imodzimodzi kwa anthu ambiri pongosintha dzina. Oyang'anira maloji a dera limodzi amadziwana ndipo amacheza, ndiye awiri akapeza kuti onse munawauza kuti kadzutsa wa pa loji yawo ndi amene anakupatsani maganizo, nkhaniyo yasanduka bodza ngakhale inali yoona pa loji imodzi.

Mmene mungadziwire kuti zalakwika

Kusayankhidwa pakokha si umboni. Makalata ambiri opita kwa alendo sayankhidwa ngakhale alembedwe bwino, choncho musafulumire kupepesa pa chinthu chimene mwina munthuyo sanachiwerenge n'komwe. Yankho longonena za ntchito osatchula nthabwala yanu nalonso si loipa. Likungokuuzani kuti munthuyo amakonda kulankhula molunjika, ndipo inu mutsatire kalembedwe kake osawonjezeranso nthabwala ina.

Zizindikiro zenizeni ndi zina. Yankho likabwera lalifupi ndi louma kuposa mmene nkhani ikufunira, lokutchulani ndi dzina lonse n'kukuuzani kuti mutsate njira zoyenera, pali chimene chakhumudwitsa. Likabwera kuchokera kwa munthu wina, kapena pa Cc atawonjezerapo bwana popanda chifukwa cha ntchito, ndiye kuti wolandirayo sakufuna kulankhula nanu yekha, ndipo izi zimachitika kawirikawiri pamene chiganizo chamveka ngati kufunsira. Akafunsa kuti mumatanthauza chiyani pa chiganizo chakutichakuti, dziwani kuti sakufuna kumasuliridwa nthabwala, akukupatsani mpata wokonza. Nkhani ya mavuto nayo ili ndi chizindikiro chake: munthu amayankha mwachifundo, kukupepesani ndi kukufunirani zabwino, koma osatchula malonda anu ngakhale pang'ono. Pamenepo wakuonani ngati wopempha thandizo osati wogulitsa.

Pokonza, lembani tsiku lomwelo ndipo mufupikitse. Chiganizo chimodzi chivomereze kuti mawu aja sanali oyenera kwa munthu amene simunadziwane naye ndipo mupepese, chachiwiri chibwerere ku pempho. Musalembe kuti mumangoseka, chifukwa mawu amenewa amaika cholakwa pa wowerenga ngati kuti ndiye walephera kumva. Musalembenso kuti pepani ngati mwakhumudwa. Lembani kuti pepani chifukwa ndinalemba mosayenera. Ngati pambuyo pake sanayankhe, musalembenso.

Pamene simunayankhidwe konse, dikirani sabata imodzi kenako mukumbutse poyankha pa imelo yanu yomweyo kuti yoyamba ionekere pansi. Chikumbutsochi chisakhale ndi nthabwala, makamaka zija zoseka kuti mwaiwalidwa kapena kuti munthuyo wasowa, chifukwa zimamveka ngati kudandaula. Onjezani mfundo imodzi yatsopano yothandiza. Mayi aja sanayankhidwe pa kalata yoyamba, ndipo patatha masiku asanu ndi awiri analemba ziganizo ziwiri zonena kuti m'bale wawo adzadutsa ku Mangochi Lachisanu ndipo angathe kusiya mabotolo awiri aja polandirira alendo ngati aloledwa. Yankho linabwera madzulo ake, la mzere umodzi, lowauza dzina la munthu woti amusiyire mabotolowo ndi kufunsa ngati uchiwo uli ndi chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu. Za njuchi zosadziwa kalendala sanazitchule, ndipo mayiwo poyankha anangofotokoza za chiphasocho ndi nthawi imene m'bale wawo adzafike.